Chidziwitso chotseka ofesi pa Khirisimasi: masiku ake muwalembe bwanji?

Funso: Ndine mlembi pa bungwe laling'ono lothandiza alimi kuno ku Kasungu. Tilipo anthu 14, kuphatikizapo alonda awiri, ndipo timagwira ntchito Lolemba mpaka Lachisanu. Abwana andiuza kuti ndilembe chidziwitso choti "titseka kuyambira pa 18 Disembala 2026 mpaka pa 4 Januwale 2027". Ndilembe zokhazo basi? Chaka chatha anthu anadandaula atapeza kuti awadula masiku a livi. Mlembi, Kasungu.

Yankho:

Ayi, zokhazo sizikwanira, ndipo chiganizo cha abwanacho musachikopere momwe chilili. Tengani kalendala muone. Pa 18 Disembala 2026 ndi Lachisanu, pa 4 Januwale 2027 ndi Lolemba. Mukapachika chiganizocho pa bolodi, mwa anthu 14 aja mupezeka ena omva kuti Lachisanulo ofesi ikhala itatseka kale, choncho Lachinayi madzulo akwera minibasi ya ku Chatoloma kapena ku Santhe osabwereranso. Ena amva kuti Lachisanu ndi tsiku lotsiriza kugwira ntchito. Kumapeto kwakenso n'chimodzimodzi: wina afika Lolemba pa 4, wina Lachiwiri pa 5 ali ndi mtima woyera, chifukwa iye anamva kuti pa 4 pali m'kati mwa tchuthi. Ndipo simungamudzudzule, pakuti chikalata chanu chomwe chimupatsa mpata.

Njira yochotsera msokonezowu ndi yakuti musalembe masiku otseka, mulembe masiku ogwira ntchito. Tchulani tsiku lomaliza kugwira ntchito ndi ola loweruka, kenaka tsiku loyamba kugwira ntchito ndi ola lolowa. Deti iliyonse iyende ndi dzina la tsiku lake komanso chaka. Dzina la tsikulo lili ndi ntchito ziwiri: mlonda kapena dalaivala amakumbukira "Lolemba" msanga kuposa nambala, komanso inu nomwe mukalakwitsa deti, wina aona kuti tsiku ndi deti sizikugwirizana n'kukufunsani nthawi ikadalipo. Ndiye bwererani kwa abwana muwafunse funso limodzi: Lachisanu pa 18 tikugwira kapena ayi? M'yankho lino nditenga kuti mukugwira mpaka madzulo, ndipo mubwerera Lolemba pa 4.

Tsopano tibwere pa chimene chinadandaulitsa anthu chaka chatha, chifukwa mtima wa chidziwitso chonse uli pamenepo. Masiku amene ofesi yatseka ndi a ndani? Ndi mphatso ya bungwe, kapena akuchoka pa livi ya munthu? Zonse ziwiri n'zotheka. Lamulo la ntchito la chaka cha 2000 limapatsa munthu wogwira masiku asanu pa sabata masiku a livi osachepera 15 pa chaka, ndipo wogwira masiku asanu ndi limodzi amakhala ndi 18. Lamulo lomwelo limati nthawi yotengera livi amaikhazikitsa ndi olemba ntchito, koma atakambirana ndi wantchitoyo. Choncho abwana sakulakwa kunena kuti aliyense atenge gawo la livi yake pa Khirisimasi. Kulakwa kumabwera akadula mwakachetechete, munthu n'kudzazindikira mu Epulo akupempha livi yokakolola chimanga kuti masiku ake ndi ochepa kuposa momwe ankaganizira. Kukambirana kuchitike chidziwitso chisanatuluke, ngakhale pa msonkhano wa Lolemba m'mawa, ndipo chidziwitsocho chidzangolemba zomwe zamveka kale.

Ngati yankho ndi lakuti akudula pa livi, muwerenge bwino, chifukwa apa m'pamene maofesi ambiri amadula mopyola. Kuchokera Loweruka pa 19 Disembala kufika Lamulungu pa 3 Januwale ndi masiku 16. Amenewa si a livi onse. Livi imawerengedwa pa masiku ogwira ntchito okha, ndiye Loweruka ndi Lamulungu zachoka kale: mathero a sabata atatu akhudzidwa, masiku asanu ndi limodzi, atsala 10. Mwa 10 amenewa muli tchuthi cha boma. Khirisimasi, pa 25, ikugwa Lachisanu. Chaka chatsopano, pa 1 Januwale, chikugwanso Lachisanu. Chachitatu ndicho anthu amachiphonya: pa 26 Disembala ndi tsiku la tchuthi nalonso, koma chaka chino likugwa Loweruka, ndipo kuno kwathu tchuthi chikagwa Loweruka kapena Lamulungu timapuma Lolemba lotsatira. Ndiye Lolemba pa 28 ndi tchuthi cha boma. Lamulo limati tsiku la tchuthi cha boma logwa m'kati mwa livi ya munthu silimudyera livi yake. Tikachotsa atatuwa, atsala masiku 7: Lolemba pa 21 mpaka Lachinayi pa 24, amenewo ndi anayi, ndi Lachiwiri pa 29 mpaka Lachinayi pa 31, amenewo ndi atatu.

Nambala 7 imeneyi ilembedwe m'chidziwitso, pamodzi ndi madeti ake. Kungoti "masiku adzachotsedwa pa livi" n'kusiyira owerengera ndalama kuti adzawerenge okha mu Januwale, ndipo amene ali pa changu amangowerenga masabata awiri n'kulemba 10. Kwa munthu wa masiku 15 pa chaka, atatu olandidwa popanda chifukwa ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a livi yake yonse. Ndipo ngakhale 7 yoonayo si yochepa, ikuyandikira theka, n'chifukwa chake ineyo ndimalangiza mabungwe ang'onoang'ono kuti agawane ndi antchito: masiku atatu a pakati pa Khirisimasi ndi chaka chatsopano akhale mphatso ya bungwe, anayi oyambawo achoke pa livi. Masiku atatu amenewo ngakhale mutatsegula, ntchito yake imakhala yochepa. Koma chimenecho n'chisankho cha abwana ndi bodi, inu ntchito yanu ndi kuonetsetsa kuti chomwe asankha chalembedwa.

Ngati muli ndi wina amene mgwirizano wake umati amagwiranso Loweruka, monga wosunga nyumba ya katundu, chiwerengero chake n'china. Kwa iye Loweruka pa 19 ndi Loweruka pa 2 Januwale ndi masiku a ntchito, ndiye ake afika 9. Muuzeni payekha m'kalata yake.

Pali anthu awiri amene chidziwitso cha onse sichingawathetsere nkhani, koma chiyenera kuwatsegulira khomo. Woyamba ndi amene wayamba ntchito posachedwa. Masiku 15 pa chaka ndiye kuti tsiku limodzi ndi kota pa mwezi. Mlangizi wa kumunda amene analowa pa 1 Okutobala, pofika kumapeto a Disembala wasonkhanitsa masiku osakwana anayi, pomwe ofesi ikufuna 7. Wachiwiri ndi amene livi yake anaimaliza kale mu Ogasiti. Chiyeso chimakhala chakuti angowadula malipiro a masiku osowawo. Musalole kuti zimenezo zilowe m'chidziwitso ngati lamulo la pa bolodi. Munthuyo sanakane ntchito, bungwe ndi limene lakhoma chitseko, ndipo madandaulo otere ndi amene amakathera ku ofesi ya zantchito pa boma. Njira zosavuta zilipo: kumubwereka masiku a chaka chamawa iye atasainira, kapena kumuika pa gulu la odikirira ofesi kuti masiku enawo agwire ndithu. M'chidziwitso mungolemba kuti amene masiku ake sakukwana aonane ndi oyang'anira antchito lisanafike tsiku lakuti. Mayina awo musawapachike.

Mwina wina akuuzani kuti, "Koma boma likalengeza tchuthi cha Khirisimasi sadula livi." Zaka zina boma limalengezadi kuti ogwira ntchito m'boma apume kwa masiku angapo kumapeto a chaka. Chilengezo chotero ndi cha antchito a boma, sichisandutsa masikuwo kukhala tchuthi cha dziko lonse, ndipo bungwe ngati lanu sichilimanga. Phindu lake kwa inu n'lakuti mudziwe kuti ngati muli ndi chikalata chofuna sitampu ku khonsolo kapena ku ofesi ya zaulimi, muchithamangitse Disembala asanafike pakati.

Tsopano za amene satseka. Alonda anu awiri akawerenga kuti "ofesi yatsekedwa kwa antchito onse", mwalemba chinthu chomwe simukutanthauza. Alembedwe poyera kuti iwo apitiriza malinga ndi ndandanda yawo, ndipo ndandandayo ituluke limodzi ndi chidziwitso. Pa bungwe la alimi ku Kasungu palinso nkhani ya nyengo. Kumapeto a Disembala ndi m'kati mwa dzinja: chimanga chikufuna feteleza wobereketsa, fodya ali m'munda, soya ndi mtedza zikufuna kupalira, ndipo mlimi wa kalabu amene waona mbozi m'munda mwake pa 29 sadikira pa 4 Januwale. Ndiye mufunika munthu mmodzi wa pa foni sabata iliyonse, wodziwika ndi udindo wake, ndipo makiyi a nyumba ya katundu adziwike ali ndi yani.

Malipiro a anthu amenewa amasokoneza ambiri, choncho mvetsani kusiyana kwake. Amene wagwira ntchito pa tsiku la tchuthi cha boma amalipidwa ovataimu yosachepera kawiri ka malipiro ake a pa ola. Ngati ola lake ndi K1,000, pa Khirisimasi ndi K2,000, ndipo maola asanu ndi atatu ndi K16,000. Koma amene wadikirira ofesi Lachiwiri pa 29 sakugwira pa tchuthi cha boma ayi. Limenelo ndi tsiku wamba la ntchito lomwe bungwe langosankha kutseka. Iye alandira malipiro ake a nthawi zonse, ndipo phindu lake n'lakuti tsikulo silidulidwa pa livi yake. Mukapanda kulemba izi, mu Januwale mudzalandira mafomu opempha ovataimu ya kawiri ya masiku onse, ndipo mkangano wake udzakhala wa inu ndi owerengera ndalama. Nanga amene ali kunyumba koma foni ili yoyatsa? Gwirizanani pasadakhale. Ine ndimati tsiku limene waitanidwadi n'kupita ku ofesi kapena kumunda libwezedwe pa livi yake, ndipo mumugulire mayunitsi a foni.

Chinthu chimene anthu amayamba kuchifunafuna akaona chidziwitso chotere si deti yotsekera, koma tsiku la malipiro. Mukalisiya, mafunso onse adzathera pa tebulo lanu. Maofesi ambiri amalipira asanatseke, ndipo n'zomveka, chifukwa osainira ku banki amakhala atabalalika. Koma lembani zinthu ziwiri. Choyamba, kuti ndalamazo ndi malipiro a Disembala, si bonasi. Chachiwiri, tsiku la malipiro a Januwale. Mukalipira Lachisanu pa 18 Disembala, ndipo a Januwale n'kutuluka Lachisanu pa 29, pakati pake pali masabata asanu ndi limodzi athunthu, ndipo m'kati mwakemo muli Khirisimasi, feteleza, aganyu opalira ndi fizi ya ana. Munthu akaona madeti awiriwa atagundizana pa pepala amadziwerengera yekha. Ngati bungwe silipereka adivansi mu Januwale, nenani tsopano. Za bonasi, ngati bodi sinavomereze, musatchule n'komwe, ngakhale mawu akuti "tikuyembekezera".

Palinso masiku ena amene satsekera limodzi ndi inu, ndipo owerengera ndalama ayenera kuwaona musanakhazikitse deti. Ngati bungwe lanu linalembetsa VAT, ya Novembala imafunika ku MRA pofika pa 25 Disembala, m'kati mwenimweni mwa tchuthi chanu, ndiye itumizidwe pa Msonkho Online ofesi isanatseke. PAYE ya Disembala imafunika pofika pa 14 Januwale, lomwe ndi Lachinayi, ndipo mawa lake pa 15 ndi tsiku la John Chilembwe. Zimenezi sizilowa m'chidziwitso cha onse, koma zimabala deti imodzi yomwe iyenera kulowamo: tsiku lomaliza kubweza malisiti a ndalama za ulendo ndi za mafuta. Ikani Lachisanu pa 11 Disembala. Mukaika pa 18, malisiti adzafika 4 koloko madzulo, ena atanyowa ndi mvula m'thumba la jekete, owerengera ndalama ali pa mzere ku banki.

Chidziwitso chenichenicho chikwane tsamba limodzi. Nachi chitsanzo, potengera kuti abwana asankha kudula masiku onse 7:

CHIDZIWITSO KWA ANTCHITO ONSE

Kuchokera kwa: Mkulu wa bungwe
Tsiku: Lolemba, 16 Novembala 2026
Mutu: Kutseka ofesi pa Khirisimasi ndi chaka chatsopano

Tsiku lomaliza kugwira ntchito chaka chino ndi Lachisanu, 18 Disembala 2026, ndipo tidzaweruka 4:30 madzulo. Tidzayambanso ntchito Lolemba, 4 Januwale 2027, nthawi ya 7:30 m'mawa.

Monga tinakambirana pa msonkhano wa antchito, masiku 7 adzachotsedwa pa livi ya aliyense: 21, 22, 23, 24, 29, 30 ndi 31 Disembala. Masiku a 25 ndi 28 Disembala komanso 1 Januwale ndi tchuthi cha boma ndipo sadzachotsedwa. Amene masiku ake a livi sakukwana 7 aonane ndi oyang'anira antchito pofika Lachisanu, 27 Novembala.

Alonda apitiriza kugwira ntchito motsatira ndandanda yomwe yamatidwa pa chidziwitsochi. Ogwira pa tsiku la tchuthi cha boma adzalandira ovataimu monga mwa lamulo. Odikirira ofesi pa masiku ena sadzadulidwa livi pa masiku omwe agwira.

Malipiro a Disembala adzatuluka Lachisanu, 18 Disembala. A Januwale adzatuluka Lachisanu, 29 Januwale.

Malisiti onse afike kwa owerengera ndalama pofika Lachisanu, 11 Disembala. Njinga zamoto, makiyi ake ndi malaputopu zibwezedwe kwa wosunga katundu pofika 12 koloko masana pa 18 Disembala.

Pa nkhani yadzidzidzi, imbirani mkulu wa alangizi kuyambira pa 19 mpaka pa 26 Disembala, ndipo wachiwiri kwa mkulu wa bungwe kuyambira pa 27 Disembala mpaka pa 3 Januwale, masiku onse otchulidwawa ali momwemo. Manambala awo ali pa ndandanda.

Tikufunirani Khirisimasi yabwino ndi chaka chatsopano chopambana.

Mwaona kuti mafuno abwino ali pa mzere umodzi kumapeto. Ndaonapo zidziwitso zoyamba ndi ndime ziwiri zothokoza antchito chifukwa cha khama lawo, madeti n'kubisika pansi, ndipo pa WhatsApp munthu amawerenga mizere itatu yoyamba basi. Kuthokoza kukhale kwa abwana pa msonkhano womaliza. Maola olowera ndi owerukira musinthe agwirizane ndi a pa ofesi panu.

Za njinga zamoto ndaikamo dala. Mlangizi amene kwawo ndi ku Chamama adzapempha kuti apite nayo, ndipo mwina pali chifukwa chomveka ngati ndiye wodikirira alimi a dera limenelo. Ngati ndi choncho, chilolezo chilembedwe, chifukwa ngozi ikachitika pa 26 Disembala njinga ili pa ulendo wa kuchikwati, funso loyamba la a inshuwalansi ndi la bodi lidzakhala lakuti anamulola ndani. Zina zonse za tsiku lotseka, monga kuzula mapulagi chifukwa cha ziphaliwali za dzinja, kukweza makatoni a mapepala pa shelefu kuopa kudontha, kusiya mayunitsi a ESCOM okwanira magetsi a panja masiku 16 ndi kulipira bilu ya madzi, zilembedwe pa kapepala ka wosunga katundu. Zikadzaza m'chidziwitso zimaphimba madeti.

Deti ya 16 Novembala pamwamba pa chitsanzocho si yongopeka. Anthu apatsidwe mwezi wathunthu. Amene kwawo ndi ku Karonga kapena ku Nsanje akufunika kusunga ya basi, ndipo wa masiku osakwana uja akufunika nthawi yokambirana. Asaine ndi mkulu wa bungwe, osati inu, chifukwa muli nkhani ya livi ndi malipiro. Ngati chizolowezi cha pa ofesi panu n'kulemba m'Chingerezi, lembaninso cha Chichewa ndipo muziwerenge moyandikanitsa kuti madeti afanane. Chimodzi mupachike pa bolodi, china mutumize pa gulu la WhatsApp ngati PDF kuti wina asasinthe nambala pochitumiza kwa mnzake. Mlonda wa usiku sakhala pa msonkhano wa m'mawa ndipo mwina foni yake si ya intaneti, ndiye mumupatse pepala m'manja. Pomaliza yendetsani tsamba loti aliyense asaine kuti walandira, mulisunge m'faelo ya livi. Pa 5 Januwale wina akadzati sanamve, tsamba limenelo ndilo lidzayankhe.

Chidziwitsochi ndi cha m'kati. Cha pa geti, cha alimi ndi ogulitsa katundu, chikhale china: tsiku lotsegulira ndi nambala imodzi ya foni ya ofesi, basi. Musapachike panja pepala lonena kuti malipiro atuluka liti, malaputopu asungidwa kuti, ndi kuti mlonda uti ali pa ntchito usiku uti. Atsogoleri a makalabu auzidwe ndi alangizi awo sabata yoyamba ya Disembala, kuti wofuna mbewu kapena feteleza wa ngongole adzatenge lisanafike Lachisanu pa 18.

Boma likadzalengeza za tchuthi cha pa 28 mosiyana ndi momwe tawerengera pano, kapena abwana akasintha maganizo pa tsiku lotsekera, musakonze ndi cholembera pa pepala la pa bolodi. Tulutsani chidziwitso chatsopano cha deti yatsopano, chonena pamwamba kuti chikulowa m'malo mwa cha pa 16 Novembala, muchotse chakalecho, muwerengenso masiku a livi, ndipo anthu asainenso.